Ndithandizeni masamu a EOQ, shuga akundizunguza mutu

Wa golosale ku Mponela: Moni nonse. Pepani ndilemba zambiri. Ndili ndi golosale, shuga ndimakaoda ku Lilongwe mlungu uliwonse. Ndikachoka ndimasiya mlamu wanga pa shopu, ndikabwera kope la ngongole ladzaza, anthu ake sindikuwadziwa n'komwe. Ndikauza abambo akunyumba akuti ndine wovuta. Eni nyumba akwezanso lendi chikhalirecho denga likudontha pomwe ndimaika katundu. Ku maphunziro a bizinesi anatiuza kuti pali fomula ya EOQ yodziwira kuchuluka kwa katundu wooda pa ulendo umodzi, koma tsiku limenelo mwana anadwala ndinachoka msanga. Ndangokopera kwa mnzanga zilembo D, S ndi H. Ndiye ndizioda mabelo angati?

Mkulu wa hadiweya: MAYI SIYANI ZA M'KALASIZO. Muli ndi ndalama gulani katundu yense amene mungathe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ine ndinali nditadzaza simenti, anzanga oodako pang'onopang'ono analira. Fomula inawathandiza chiyani?

Nachisale wa zitenje: Asisi, vuto lanu ndi mlamuyo. Ine wanga anandigwetsera shopu ku Kasungu mpaka ndinayambiranso ndi mandasi. Muchotseni kaye.

Wosunga sitoko ku Kanengo: Amayi, mwatiuza zambiri koma chofunika mwasiya. Mumagulitsa mabelo angati pa mwezi? Ulendo umodzi umakudyerani zingati? Ndalama yoodera ndi yanu kapena ya ngongole? Fomula yake ndi iyi:

```
Q = √(2 × D × S ÷ H)
```

D ndi mabelo amene mumagulitsa pa chaka. S ndi ndalama imene imapita nthawi iliyonse mukapita kukaoda, kaya mwatenga belo limodzi kaya 100. H ndi zimene belo limodzi limakudyerani likakhala m'sitolo chaka chonse. Mukamapita pafupipafupi mumathera ndalama m'misewu. Mukaunjika katundu, ndalama yanu imagona pansi chiwongoladzanja chikuwerengabe. Q ndi mabelo oti muzioda pa ulendo umodzi, pamene ziwirizi zikulingana.

Mkulu wa hadiweya: Katundu sagona pansi, katundu ndiye banki. Inu a sitoko mumasunga za abwana, simunaikepo yanu.

Wa golosale ku Mponela: Pepani ndinaiwala. Pa mwezi amatuluka pafupifupi 100. Ndimatenga 25 pa ulendo. Belo ndikugula K60,000. Minibasi kupita ndi kubwera, chakudya, mayunitsi ndi ya mnyamata wondiperekeza zimakwana K30,000. Palinso ya galimoto yonyamula, amalipiritsa pa belo. Ngongole ndinatenga, chiwongoladzanja chake 30 peresenti pa chaka.

Mwana wa ku koleji: Zaphweka mayi. D ndi 1,200, S ndi 30,000, H ndi 60,000. Yankho likubwera 35. Muzioda 35.

Wosunga sitoko ku Kanengo: Achimwene, D ndi S mwakhoza, koma pa H mwaika mtengo wogulira belo. Belolo silikutayika, aligulitsa ndalama ibwerera. Chotayika ndi chiwongoladzanja cha K60,000 imene yakhala m'belomo: 30 peresenti yake ndi K18,000 pa chaka. Amayi anena za denga lodontha, ndiye tiwonjezere K2,000 pa belo ya mapaketi onyowa ndi ong'ambika. Iyi ndangoyerekeza, iwo ayang'ane m'kope mwawo. H ikhala K20,000.

Tsopano 2 × 1,200 × 30,000 ndi 72,000,000. Kugawa ndi 20,000 tipeza 3,600. Nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 3,600 ndi 60. Pa foni dinani chizindikiro cha √. Ndiye mabelo 60 pa ulendo, maulendo 20 pa chaka, pafupifupi masiku 18 aliwonse.

Ya galimoto yonyamula sindinaiike mu S dala. Poti amalipiritsa pa belo, pa chaka mulipira yofanana kaya mupite kangati. Akanakhala kuti amatchula mtengo umodzi pa ulendo, ikanalowa.

Nachisale wa zitenje: Ngongole ya 30 pa chaka mwaipeza kuti asisi? Ife ku banki mkhonde ndi 20 pa mwezi.

Mkulu wa hadiweya: 60 YOKHA? Shuga amasowa m'dziko muno, mwaiwala mizere ija? Tsiku limene wapezeka tengani 200. Ine malata ndimagula a miyezi isanu ndi umodzi ndipo sindinalirepo.

Mphunzitsi wopuma: Bambo a hadiweya, malata sanyowa n'kuuma gwa ngati shuga, ndipo nyerere sizidya simenti. Musamakuwe, anthu akuphunzira.

Mkulu wa hadiweya: Simenti imauma kuposa shuga wanuyo aphunzitsi, funsani. Ine ndikunena za kwacha.

Wa golosale ku Mponela: A ku Kanengo, ndiye 25 wangayu ndikuluza zingati? Ine ndimaona ngati ndikusamala.

Wosunga sitoko ku Kanengo: Tiwerenge. Ndi 25, maulendo ndi 48 pa chaka, kuchulukitsa K30,000 ndi K1,440,000 ya m'misewu. Kusunga timawerengera theka la oda, chifukwa tsiku lofika sitolo imadzaza, pofika tsiku lokaodanso yatsala yopanda kanthu. Theka la 25 kuchulukitsa K20,000 ndi K250,000. Zonse K1,690,000.

Ndi 60, maulendo 20 ndi K600,000, kusunga mabelo 30 ndi K600,000. Zonse K1,200,000. Mwaona kuti mbali ziwirizo zafanana? Ndi mmene mungadziwire kuti simunaphonye masamu. Kusiyana kwake ndi K490,000 pa chaka.

Musaumirire pa 60 yeniyeniyo. Mukatenga 50, kawiri pa mwezi, zonse ndi K1,220,000, mwangowonjeza K20,000 chaka chonse. Koma 200 wa bambo aja ndi K180,000 ya maulendo ndi K2,000,000 yosunga.

Pa kwacha, bambo a hadiweya sakunama. Fomulayi anailemba Ford Harris mu 1913, ndipo imatenga ngati mtengo susintha, malonda amayenda mofanana chaka chonse, ndiponso katundu amapezeka nthawi iliyonse mukamufuna. Ngati mukudziwa ndithu kuti mtengo ukwera posachedwa, oda imeneyo yokha muwonjezere. Nyengo yokolola anthu akakhala ndi ndalama, werengeraninso ndi malonda a nyengoyo.

Mkulu wa hadiweya: Mwavomera tsopano. Ndimanena zomwezo.

Mphunzitsi wopuma: Sanavomere 200 wanuyo, werengani bwino.

Nachisale wa zitenje: Nanga ine wa 20 pa mwezi H yanga ndiika 20?

Wosunga sitoko ku Kanengo: Ayi mayi. D ikakhala ya pa chaka, H ikhalenso ya pa chaka, ndiye 20 pa mwezi ndi 240 peresenti. Kapena zonse ziwiri muwerengere pa mwezi. Mukasakaniza, yankho limakula koposa katatu. Pa nambala za anzanuwa, ngongole yotere ikanatsitsa oda kufika pa mabelo 22.

Mwana wa ku koleji: Nanga lendi bwanji simunaiike mu H? Ife anatiphunzitsa kuti imalowa.

Wosunga sitoko ku Kanengo: Imalowa ngati mabelo owonjezerawo akufuna chipinda china cholipira. Ngati shopu ndi yomweyo, lendi ndi yomweyo kaya muli 25 kaya 60. Mabuku ena amaigawa pa belo, ine pa shopu yaing'ono sinditero.

Mwana wa ku koleji: Pa mayeso akanakuchongerani cholakwa.

Wa golosale ku Mponela: Zikomo kwambiri, ndamva. Koma mabelo 60 ndi K3,600,000, ine ikachuluka m'manja ndi K2,400,000, ya mabelo 40. Ndiye ndikatengenso ngongole ina kapena ndiyambe ndi 40? Ndipo pouma m'shopu muja sindikudziwa ngati 60 angakwane, mvula ikayamba.

Mkulu wa hadiweya: KATENGENI NGONGOLE MAYI. Pulasitiki yofolera ndili nayo, ndilembereni kumbali.