Makina odulira masitika akulumpha masitepe akatentha

Wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinapanga makina odulira masitika a pa maminibasi: Arduino ya GRBL, madalaiva a A4988, mamota a NEMA 17 olembedwa 1.5 A, magetsi a mavoti 12. Poyamba amadula bwinobwino, koma pakapita mphindi khumi zilembo zimayamba kusendera kumanja. Kale ankalumpha pamakona, ndiye ndinapotokola kasikuluu ka pa dalaiva kuti mphamvu ichuluke. Pamakona pasiya, koma pano vuto ndi limeneli.

Wa ku Sadzi: Achimwene, si magetsi amenewo? Kwanga madzulo makina owotcherera amafooka. Yesani m'mawa.

Wa ku Chinamwali: Ayi, ngakhale m'mawa zikuchitika. Ndapima, mavoti 12 sakutsika.

Wa ku Mpondabwino: Chotsani majampa atatu aja pansi pa dalaiva. Mukagawa sitepe pa 16 mota imatha mphamvu. Iyende masitepe athunthu basi.

Mayi wa ku Matawale: Musachotse kaye. Bambo a ku Mpondabwino akunena zoona mbali imodzi: kasitepe kamodzi kakang'ono sikakoka mwamphamvu, ndiye mpeni ukalimba, mota imatha kutsalira pang'ono. Koma mphamvu yonse imene mota ingakoke isanalumphe siichepa chifukwa chogawa masitepe. Mukaika athunthu, makina adzanjenjemera, ndipo kunjenjemerako pakokha kumalumphitsa masitepe.

Chimene chandigwira ine ndi mphindi khumi zija. Mota yopereweredwa mphamvu imalumpha kuyambira pachiyambi, makamaka ponyamuka ndi pokhota. Yoyamba bwino n'kudzalakwa pambuyo pake, kawirikawiri ndi dalaiva yatentha. A4988 ikatenthetsa imadzizimitsa yokha kwa kanthawi, kenako n'kuyakanso. Arduino sidziwa kanthu, imangopitiriza kutumiza masitepe. Achimwene, werengani nambala ya pa timarezisita tiwiri takuda pafupi ndi chipu, ndipo pimani Vref: waya wakuda wa mita pa GND, wofiira pa kasikuluu kaja.

Wa ku Chinamwali: Palembedwa R100. Mita ikuonetsa mavoti 1.4.

Mayi wa ku Matawale: Ndi pamenepo. R100 ndi 0.1 omu, ndipo mawerengedwe ake ndi awa:

```
I = Vref / (8 × Rs)
1.4 / (8 × 0.1) = 1.75 A
```

Mwapitirira ngakhale malire a mota yeniyeniyo. Dalaiva imeneyi popanda choiziziritsa imapirira pafupifupi ampu imodzi, ndiye ganizani kutentha kwa Okutobala pansi pa malata. Bwezani kasikuluuko mpaka mavoti 0.8, yomwe ndi ampu imodzi. Potokolani pang'onopang'ono, sikuludalaiva isatsetsereke n'kugunda timiyendo tapafupi. Matani kachitsulo koziziritsa pa chipu, ikani kafani. Ndipo chonde musazule mawaya a mota magetsi ali oyaka, dalaiva imapsa nthawi yomweyo.

Wa ku Chinamwali: Nanga si ndikatsitsa ayambiranso kulumpha pamakona, amayi?

Mayi wa ku Matawale: Vuto la pamakona lija mankhwala ake sanali kuwonjezera magetsi. Mukuuza mota kuti inyamuke mwadzidzidzi itanyamula mutu wolemera. Lembani `$$` mu GRBL mutiuze `$120` ili pati; imeneyo ndiyo imalamula kufulumira kwa X ponyamuka, ndipo `$121` ndi ya Y.

Wa ku Chinamwali: Ili pa 800.

Mayi wa ku Matawale: Yambirani apa, muzikweza pang'onopang'ono mpaka ilumphe, kenako mubwerere m'mbuyo ndithu:

```
$120=200
$121=200
```

Mkulu wa ku Domasi: Ana anga, musaiwale pule. Kasikuluu kake kakamasuka, pule imaterereka pa shafiti ndipo mumanamizira dalaiva. Jambulani mzere wa maka wodutsa pa shafiti ndi pa pule, mudzauone ntchito ikatha. Pimaninso kusenderako. Ndi lamba wa GT2 ndi pule ya mano 20, kuzungulira kamodzi ndi mamilimita 40, ndiye sitepe yathunthu pa masitepe 200 ndi 0.2. Mota ikalumpha imagwera patsogolo kapena kumbuyo ndi masitepe anayi, kutanthauza 0.8, 1.6, 2.4, choncho. Mukapeza nambala yosagwirizana ndi zimenezi, kayikirani pule, lamba kapena phokoso la magetsi pa waya wa STEP.

Wa ku Chinamwali: Ndatsitsa pa 0.8, fani ndaika, mzere wa madala sunasunthe. X yadula kwa ola lathunthu osasendera, zikomo kwambiri. Koma Y yalumpha kamodzi pobwerera mothamanga, mamilimita 1.6 ndendende.

Wa ku Mpondabwino: Ikani mavoti 24 achimwene. A4988 imalola mpaka 35, ndipo mota ikamathamanga mavoti ambiri ndiwo amasunga mphamvu yake.

Mayi wa ku Matawale: Apo sindikutsutsa, bola kapasita ya pa bolodi ikhale yopirira mavoti amenewo, komanso fani yanu ya mavoti 12 isalumikizidwe pomwepo. Koma musanagule kanthu, zimitsani makina mukankhe Y ndi dzanja pang'onopang'ono kuchoka kumapeto mpaka kumapeto. Pakakhala polimba, ndi njanji. Ngati palibe, tsitsani `$111`, yomwe ndi malire a liwiro la Y, ndi theka muyesenso.

Wa ku Chinamwali: Pakati pakumveka ngati pakugwira pang'ono. Ndimasula njanji mawa ndione.