Za khofi wowawa komanso wowawasa uja

Ndinafunsa kuti: "Khofi wanga akumawawa, akumawawasanso m'kapu imodzimodziyo. Zikutheka bwanji?"

Vuto lapezeka, ndi chopera changa chija cha kampeni kozungulira. Nditathira khofi wopera papepala loyera, ndinaona fumbi losalala litasakanikirana ndi zibenthu zikuluzikulu. Kampeni kamangotema njere mwachisawawa, zina kambirimbiri, zina n'kuziphonya.

Madzi otentha amayamba kutulutsa zowawasa m'khofi, zowawa zimabwera pambuyo pake. Ndiye fumbi lija limatha kutulutsa zonse msanga mpaka kuwawa, pamene zibenthu madzi sanalowe n'komwe m'kati, zangopereka kuwawasa basi. N'chifukwa chake kusintha nthawi sikunkathandiza: ndikachedwetsa kuwawa kunkakula, ndikafulumiza kuwawasa n'kumene kunkamveka. Fumbilo limatsekanso pepala losefera, madzi n'kumadontha mochedwa.

Ndinabwereka chopera cha mano, chomwe chimaphwanya njere pakati pa zitsulo ziwiri. Kachidutswa sikatuluka mpaka katachepa kufika pa mpata umene mwatchera. Khofi yemweyo, magalamu 15 m'madzi okwana mamililita 250, koma kakomedwe kanasinthiratu. Fumbi lilipobe pang'ono, musanamizidwe.

Amene muli ndi cha kampeni, muzipera modukizadukiza mukuchigwedeza, kenako musefe fumbilo ndi sefa wa timabowo ting'onoting'ono.