Funso pa MCV, makamaka ikakhala pakatikati

Anzanga ndithandizeniko, ndikuwerenga za kuchepa kwa magazi ndipo pali pamene pandivuta. Zomwe ndamva ndi zoti MCV imatiuza kukula kwa maselo ofiira, ikakhala pansi pa 80 fL ndiye kuti maselo ndi ang'onoang'ono, kawirikawiri chifukwa cha kusowa kwa ayironi mwina munthu akutaya magazi pang'onopang'ono kapena ali ndi njoka zam'mimba, komanso thalasemiya. Ikapitirira 100 fL maselo ndi akuluakulu, apa timaganiza za kusowa kwa vitamini B12 kapena foleti, mowa wambiri, matenda a chiwindi. Apo ndilibe vuto.

Pandisokoneza ndi pakati pa 80 ndi 100. Akuti apa pamalowa kutaya magazi mwadzidzidzi, matenda a impso ndi matenda ena okhalitsa, chabwino. Koma tiyerekeze mayi Hb yake ili 8 g/dL, MCV 88, akusowa ayironi komanso foleti nthawi imodzi, ndiye maselo ena ang'ono ena akulu nkumapereka avereji yooneka bwinobwino, si choncho kodi? Ndiye munthu ungazindikire bwanji? Ine ndimaganiza kuti RDW ikwera chifukwa maselo sakufanana kukula, koma kodi yokhayo ndi yokwanira kapena mpaka uone magazi pa maikulosikopu nkuyezanso feritini? Nanga feritiniyo poti imakweranso thupi likakhala ndi infekishoni, mumaidalira bwanji? Amene mumaziona kulabu tandiuzeniko mumayambira pati.