Kanema wa chitsitsimutso watsala masiku 3 kuti afufutike, ndithandizeni kumudula

Mlembi wa mpingo, Germiston: Abale ndi alongo, ndabwera ndi vuto lofunika changu. Mwezi wathawu tinaulutsa mapemphero a chitsitsimutso pa Facebook, ndipo anatenga maola 3 ndi mphindi 10. Abusa andiuza kuti ndipatule ulaliki paokha, ndidulenso timakanema tifupitifupi 4 kapena 5 tokhala ndi mitu ndi mawu ofotokozera, kuti tizitumiza kamodzikamodzi mkati mwa sabata. Lero ndi tsiku la 27 chiulutsireni, ndipo mnyamata wa kamera akuti likakwana la 30 kanemayo achoka. Ine ndimaweruka 6 koloko madzulo ndipo ntchito yotereyi sindinaigwirepo. Ndiyambire pati?

Bambo oyendetsa thiraki, Durban: Bambo mlembi, musade nkhawa, pa intaneti sipatayika kanthu. Kanema wa ukwati wa mchemwali wanga wa 2019 alipobe mpaka lero. Chimene chimafufutitsa makanema a mpingo ndi nyimbo za eni ake basi, ndipo nyimboyo ikakhala yosapitirira masekondi 30 sakukhudzani.

Mayi a zokuzira mawu, Cape Town: Bambo a thiraki, mundikhululukire, koma apa mukhoza kuwatayitsa anzanu kanema. Kuyambira pa 19 February 2025, kanema woulutsidwa pompopompo pa Facebook amasungidwa masiku 30 okha, kenako amachotsedwa. Wa ukwati uja mwina anachita kuikidwa atajambulidwa kale, ndipo woteroyo lamuloli silimukhudza. Za masekondi 30 nazonso ndi mphekesera, chifukwa makina ozindikira nyimbo amagwira ngakhale kachidutswa kochepa. Bambo mlembi, usiku uno musadule chilichonse. Tsegulani tsamba la mpingo pa laputopu, pitani pa kanemayo, dinani timadontho titatu tija ndi kusankha `Download video`, ndipo muchite zimenezi pamene pali intaneti yosawerengera bandulo, chifukwa maola atatu akhoza kufika magigabaiti 2 kapena 3. Akatsika, muonereni koyambirira, pakati ndi kumapeto kuti mutsimikize kuti watsika yense ndipo mawu akumveka, kenako mukopereninso pa fulashi. Ndifunsenso, kodi munaulutsa ndi foni kapena ndi OBS, pulogalamu ya pa kompyuta youlutsira ndi kujambulira kanema?

Mlembi wa mpingo, Germiston: Tinagwiritsa ntchito OBS, Mayi. Ndamufunsa mnyamatayo ndipo akuti anadina `Start Streaming` yokha, `Start Recording` sanaidine.

Mkulu wa mpingo, Pretoria: Ife zinatichitikira zoposa pamenepo. Tinkajambula ndithu pa laputopu, koma magetsi anazima abusa ali pakati pa pemphero la odwala, batire linali lakufa, ndipo fayilo ya maola awiri inakana kutseguka mpaka lero. Munali ubatizo wa ana 7 m'menemo, ndipo makolo awo amandifunsabe tikakumana pakhomo la tchalitchi.

Mayi a zokuzira mawu, Cape Town: Pepani kwambiri, Akulu. Chinachitika n'chakuti munkajambula mu mtundu wa fayilo wa mp4 wamba, yemwe amalemba kalozera wake kumapeto kwenikweni, motero akadukizidwa kalozerayo sakhalapo. Sankhani mkv mu OBS, chifukwa iyeyo amasunga zonse zimene zajambulidwa kufikira pomwe magetsi azimira, ndipo mukamaliza mumangopita pa `File` ndi `Remux Recordings` kuti asanduke mp4 osataya kanthu. Bambo mlembi, inu mugwira ntchito ndi kope la pa Facebook, lomwe ndi lofinyidwa kale, koma likwanira.

Mnyamata wofika kumene, Boksburg: Moni nonse akuluakulu. Ine ndili ndi foni yokha, kodi ndingaulutse bwanji mapemphero kuti anthu ambiri aziona? Komanso ngati pali amene akudziwa mpingo wofuna wojambula wolipidwa andiuze.

Mkulu wa mpingo, Pretoria: Mwana wanga, walowa dzulo m'gululi ndipo lero wayamba kale kufunsa ntchito pakati pa vuto la munthu wina. Werenga kaye zimene zikukambidwa, pakuti za kuulutsa zinatha, pano tikukamba za kudula. Ukhale pansi umvetsere, mwina ntchito ukuifunayo uiphunzirira pompano.

Mayi a zokuzira mawu, Cape Town: Bambo mlembi, gawo lalikulu la ntchitoyi limachitika ndi pepala ndi cholembera. Muonere kanemayo mothamangitsa, muzilemba nthawi imene chinthu chilichonse chayambira ndi kuthera: kuyamba kwa kwaya, kuwerenga mawu, kuyamba kwa ulaliki, ndi malo amene abusa anena mfundo yoti munthu amene sanali m'tchalitchimo akhoza kuimva payokha. Kakanema kabwino kamayamba pa chiganizo chathunthu, monga funso kapena vesi, ndipo kamatha mfundoyo itafika pansi, mpingo utavomera. Mukayambira pa mawu akuti «n'chifukwa chake ndikunena kuti», woonera sadziwa chimene chanenedwa kale ndipo amangopitirira. Ngati panali womasulira m'Chingerezi, musadule pakati pa abusa ndi iyeyo, ndipo mudziwiretu kuti mfundo ya mphindi imodzi idzatenga pafupifupi ziwiri.

Mlembi wa mpingo, Germiston: Kanema watsika, Mayi, ndipo ndagona mochedwa ndikulemba. Ulaliki ukuyamba pa 1:22:40 ndipo ukutha pa 2:05:15, kuchokera pa Yeremiya 29:4–7. Malo amene andikhudza kwambiri ali pa 1:41:05 mpaka 1:42:55, pamene abusa akufunsa ngati munthu angapempherere mzinda umene sukumufuna, kenako akufotokoza kuti Yeremiya anauza akapolo a ku Babulo kuti amange nyumba, alime minda ndi kufunira mzindawo mtendere. Palinso umboni wa mlongo wina pa 2:20:30, wamphamvu kwambiri, wonena za mmene anapezera ntchito atakhala miyezi yambiri mapepala ake atatha.

Mayi a kwaya, Leicester: Vesi limenelo landikumbutsa amayi anga ku Ntcheu, omwe amakwera pachulu kuseri kwa nyumba kuti foni igwire, n'kumaonera kakanema kamodzi kangapo konse mpaka batire kutha. Chonde musapange timakanema tolemera, chifukwa kumudzi bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Koma za umboniwo, Bambo mlembi, ndikupemphani kuti musautulutse mlongoyo asanavomere yekha. Mawu onenedwa pakati pa abale m'kati mwa maola atatu amabisika, koma akadulidwa paokha, nkhope ikuoneka ndipo mutu ukutchula za mapepala, amafika kwa abwana ake ndi kwa ena amene iye sanawaganizire.

Bambo oyendetsa thiraki, Durban: Komatu maumboni ndiwo amene anthu amakonda kuonera. Mungomuphimba nkhope basi, nkhani yatha.

Mayi a zokuzira mawu, Cape Town: Mawu a munthu amadziwikabe ngakhale nkhope itaphimbidwa, ndipo ine ndikugwirizana ndi Mayi a kwaya kuti umenewo uyambe wadikira. Tsopano za kudula. Ngati laputopuyo ili ndi pulogalamu yodulira makanema ya ffmpeg, ndipo fayilo yotsikayo mwaitcha mapemphero.mp4, lamulo ili lipatula ulaliki mu masekondi ochepa, popanda kuufinyanso:

```
ffmpeg -ss 01:22:40 -to 02:05:15 -i mapemphero.mp4 -c copy ulaliki.mp4
```

Mawu akuti `-c copy` ndi amene akupangitsa kuti afulumire, koma ali ndi malire ake: amatha kudula pokhapokha pamene pali chithunzi chathunthu, ndipo pa kanema woulutsidwa zithunzi zoterezi zimakonda kutalikirana masekondi awiri. Choncho mukaona kuti chiyambi chalowa ndi kamchira ka nyimbo, kapena chithunzi chaima pang'ono mawu akuyenda, musaganize kuti fayilo yaonongeka. Pa ulaliki wa mphindi 42 zimenezo sizivuta, koma pa kakanema kafupi chotsani `-c copy` kuti adule pa sekondi yeniyeni, kapena mukonzere mu pulogalamu ya CapCut pa foni. Ulaliki wonsewo ngati mukuuika pa YouTube, tsimikizirani kaye akaunti ya mpingo ndi nambala ya foni, apo ayi sakulolani kuika kanema wopitirira mphindi 15.

Bambo oyendetsa thiraki, Durban: Timakanema tifupito mutiimike chilili monga foni imagwiridwira, chifukwa togona palibe amene amatiyang'ana masiku ano. Apa pokha ndikudziwa chimene ndikunena, ndimaonera tsiku lililonse ndikamadikira pachipata cha dziko.

Mayi a zokuzira mawu, Cape Town: Apa Bambo ali ndi mfundo, ndipo YouTube imawerenga kanema woimirira wosapitirira mphindi 3 ngati Shorts kuyambira mu October 2024, motero wa pa 1:41:05 uja, wa mphindi imodzi ndi masekondi 50, akukwana. Vuto lili pa kope lathuli. Ngati latsika pa 1280 ndi 720, kudula m'mbali kuti liimirire kumasiya madontho 405 okha m'lifupi, nkhope imachita mbuu, ndipo abusa akangosuntha pa guwa amatuluka m'chithunzi, womasulira osaonekanso. Ine ndikanasiya chithunzi chogona pakati, pamwamba n'kulembapo mutu, pansi vesi. Ndipo kwaya muiike payokha, chifukwa kanema wa Shorts wopitirira mphindi imodzi amatsekedwa ngati nyimbo yake yadandaulidwa ndi eni ake.

Bambo oyendetsa thiraki, Durban: Ine ndikuonabe kuti kudzaza foni yonse n'kwabwino, ngakhale chithunzi chichepe mphamvu. Yesani zonse ziwiri muone imene anthu atumizirane.

Mlembi wa mpingo, Germiston: Ndiyesa. Mutu ndalemba kuti «Chitsitsimutso Tsiku Lachitatu Gawo 2». Kodi uli bwino?

Mayi a kwaya, Leicester: Bambo, mutu umenewo ukuuza inu nokha pamene kakanemako kachokera, koma amayi anga sungawauze chimene amve akakatsegula. Lembani funso la abusa lomwelo: «Kodi ungapempherere mzinda umene sukukufuna? Yeremiya 29:7». Dzina la mpingo ndi tsiku zipite m'munsi.

Mayi a zokuzira mawu, Cape Town: Mutu umenewo ndi wabwino, ndipo uli m'kati mwa zilembo 100 zimene YouTube imalola, ngakhale kuti pa foni umadukira pakati, choncho mawu ofunika azikhala koyambirira. M'mawu ofotokozera, mizere iwiri yoyamba ndi imene imaoneka munthu asanadine, ndiye muyambe ndi chiganizo chonena mfundoyo, kenako mlaliki, vesi, tsiku la mapemphero, ndi ulalo wa ulaliki wonse. Pa ulaliki wautaliwo muikemo zigawo, koma nthawi za papepala lanu musazikopere mmene zilili, pakuti kanema watsopanoyo akuyambira pa ziro. Chotsani 1:22:40 pa iliyonse, motero 1:41:05 isanduka 18:25. Mzere woyamba uyenera kukhala 0:00, zigawo zisachepere 3, ndipo chilichonse chikhale cha masekondi 10 kapena kuposa:

```
0:00 Kuwerenga Yeremiya 29:4-7
18:25 Kupempherera mzinda wachilendo
36:10 Pemphero lotseka
```

Nthawi yachitatuyo ndangoyerekeza, muikepo yanu. Zigawo zikapanda kuoneka pa mzere wa kanema, yambani mwayang'ana ngati 0:00 alipo.

Mnyamata wofika kumene, Boksburg: Pepani chifukwa cha poyamba paja. Ine CapCut ndimaidziwa, ndipo Loweruka ndimaweruka masana. Bambo mlembi, mukanditumizira nthawi zimene mwalembazo ndikhoza kukudulirani tiwiri, kamodzi koimirira ndi kena kogona.

Mlembi wa mpingo, Germiston: Zikomo achimwene, ndikutumizirani pambali. Mlongo wa umboni uja ndamuimbira, wati ayambe wafunsa amuna ake, ndiye umenewo ndausiya. Chatsala n'chakuti pa ola 1 ndi mphindi 52 maikolofoni ya abusa inalira kwa masekondi angapo pakati pa mfundo yachiwiri. Kodi pamenepo ndidule, kapena ndisiye momwemo?