Ndime ya komiti ya mjigo ija yafupika

Funso langa linali ili: "Mbiri ya komiti yathu ya mjigo ndalemba mawu 180 koma fomu yopempha thandizo ikufuna asapose 90, ndidule bwanji osataya mfundo?"

Zikomo abale nonse munayankha. Ndinatsata malangizo a mayi amene anati ndisayambe ndi kufufuta, ndiyambe kulemba pambali zimene owerenga fomu akufuna, ndiye ndinalemba chaka chimene mjigo unakumbidwa, mabanja omwe amatungapo, chomwe chawonongeka ndi ndalama tasonkha kale, kenako nkulemba ndime yatsopano kuchokera pamenepo, yakaleyo nditaivundikira.

Zambiri zinagwa zokha. Chiganizo choti "Monga mmene tonse tikudziwira madzi ndi moyo, ndipo ife anthu a m'mudzi muno takhala tikuvutika kwa nthawi yaitali kuchokera pomwe mjigo wathu womwe unakumbidwa mu 2014 unawonongeka" chinangotsala "Mjigo wathu wa 2014 unawonongeka mu Epulo." Mawu 27 kufika 7, ndipo mwezi walowamo pomwe kale unali "nthawi yaitali" chabe.

Koma chenjerani ndi timawu ting'onoting'ono. Pa "mabanja pafupifupi 60" ena anati chotsani pafupifupi, ndinakana, sitinawerenge khomo ndi khomo ndiye opereka thandizo akadzabwera kudzaona tingaoneke abodza.

Pomaliza mlembi wa komiti anawerenga yaifupiyo yekha ine nkumamufunsa, chafa ndi chani, tasonkha zingati, zonse anayankha osasuzumira yakale. Yathera pa mawu 87.