Zotsatira za malonda a mbuzi aja pa Facebook

"Malonda anga a mbuzi pa Facebook anayamba bwino, koma tsopano ofunsa mtengo achepa. Chalakwika n'chiyani?"

Ndinafunsa choncho mwezi wathawu, ndipo ambiri munati ndiziyang'ana mu Ads Manager, tsamba la Facebook loyendetsera malonda olipira, nambala ya Frequency, kutanthauza kuti munthu m'modzi waona chithunzi cha malondawo kangati. Ndakhala ndikulemba m'kope Lolemba lililonse, pambali pa CTR, kutanthauza kuti anthu adina kangati pa maulendo 100 alionse amene chithunzicho chaoneka.

Sabata yoyamba Frequency inali 1.4, CTR 2.1. Yachiwiri 2.0 ndi 1.8. Pofika sabata yachinayi Frequency inali 4.3, CTR itagwa kufika 0.7. Ndinali nditasankha Nchalo, Ngabu ndi Bangula basi, ndipo kuno okhala ndi mafoni a intaneti si ambiri. Ndiye ndalama zanga zimangobwereza kuonetsa tonde yemweyo kwa anthu omwewo mpaka anatopa naye. Reach nayo, chiwerengero cha anthu amene aona malondawo, inali itaima, osakweranso.

Poyamba ndinkalakwitsa poyang'ana masiku onse pamodzi, zomwe zimabisa kugwako. Sankhani masiku 7 okha, kenako muyerekeze ndi 7 am'mbuyo.

Koma samalani. Sabata yachitatu CTR inatsika kwambiri masiku awiri pomwe Frequency sinasunthe. Magetsi anali atazima, mafoni opanda moto. Kumeneko sikutopa ayi. Kutopa kumaoneka pamene Frequency ikukwera, CTR ikutsika, masabata otsatizana.

Ndinasintha chithunzi, n'kuika kavidiyo ka m'khola, n'kuonjezanso Blantyre. Frequency yabwerera pa 1.6, ndipo dzulo mbuzi ziwiri zapita ku Chirimba.