Ndapatsidwa mphindi 2, pepala langa likudya mphindi 6

Anaphiri, ku Domwe:
Alembi anzanga, ndithandizeni msanga. Loweruka likudzali tikutseka chaka pasukulu pathu, ndipo makolo a kalasi 2 andisankha ine, monga mayi-tuluma wawo, kuti ndikawerenge mawu othokoza aphunzitsi a ana athu. Ndalemba masamba awiri a kaderino, ndipo nditawerenga mokweza ndikuyang'ana wotchi ya pafoni zakwana mphindi 6. Adilekitoli akuti tuluma iliyonse mphindi 2 basi, chifukwa matuluma tilipo 9, komanso mvula yagwa, anthu mitima ili kumunda. Poyambira pake ndalemba chonchi: "Ife makolo tikuthokoza aphunzitsi athu okondedwa chifukwa cha khama, chikondi, kudzipereka ndi kuleza mtima kwawo. Mphunzitsi ndi nyali, mphunzitsi ndi kholo lachiwiri." Zikungopitirira motero mpaka kumapeto. Ndidule pati? Chilichonse ndikachigwira chikuoneka chofunika.

aJere, ku Ulongwe:
Anaphiri, musanadule chilichonse chitani ichi. Fufutani dzina la aphunzitsi anuwo, mulembepo la aphunzitsi a kalasi 5, kenaka muwerengenso. Chiganizo chilichonse chimene chikuwakwanabe a kalasi 5 chichotseni. Mupeza kuti khama, chikondi ndi nyali zija zonse zapita, chifukwa ndi malaya okwana aliyense. Ine ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume, ndipo mawu amenewo ndinkawamva pa 12 Okutobala paliponse, tsiku la aphunzitsi, kenaka ndi kuwamvanso potseka chaka. Munthu umaomba m'manja, koma pofika pakhomo waiwala kuti analankhula ndani.

Tsono ndiuzeni chinthu chimodzi chimene mayi mphunzitsi wa ana anuwo anachita chaka chino, chimene mphunzitsi wina pasukulu panupo sanachite.

aMbewe, ku Furankungo:
Ife kuno chaka chatha tinasonkha mametikali 20 kholo lililonse, tinagula makapulana awiri ndi ndowa. Ena sanapereke, tinakangana mpaka kwa anyakwawa. Langizo langa, ndalama asasunge mlembi yekha, pakhale anthu awiri.

Anaphiri:
Zikomo aMbewe, koma za mphatso zinatha kale, kapulana ili m'chikwama. Vuto ndi pakamwa.

AJere, funso lanu landivuta. Ndakhala pansi ndithu, ndipo chimene chikubwera ndi choti ndi munthu wabwino.

aJere:
Musadzifunse nokha. Komanso makolo musawafunse kuti "aphunzitsiwa mukuwaona bwanji", chifukwa onse ayankha kuti ndi abwino. Pitani kwa makolo anayi kapena asanu, muwafunse kuti mwana akaweruka amasimba zotani za m'kalasi. Ana ndi amene amasunga zinthu zenizeni. Mukapeza chinthu chimene makolo awiri achitchula asanapangane, gwirani chimenecho.

Anazunga, ku Tsangano:
Ine ndikuti manambala ndiye amafupikitsa. Nenani kuti ana analipo angati mu Febuluwale, akhoza angati, basi mwatha. Anthu amakhulupirira nambala kuposa mawu okoma.

aJere:
Nambala ndi yabwino, Anazunga, koma osati imeneyo. Ngati pauta ya zotsatira za ana sinamatidwe, mlembi wa makolo alibe pomwe wazitenga, ndipo akanena nambala yosiyana ndi imene idzatuluke, adilekitoli adzamufunsa. Ngakhale itamatidwa, pabwalopo pakhala makolo a ana amene sizinawayendere, komanso aphunzitsi a tuluma inayo amene nambala yawo ndi yotsika. Mukathokoza ndi kakhozedwe ka ana, mwayamba mpikisano pa tsiku la chisangalalo. Nambala yoyenera ndi imene makolo anaiona ndi maso awo: masiku angati pa sabata, ana angati, mtunda wotani.

Anazunga:
Pamenepo ndamva, koma kwathu kuno pauta amamata tsiku lomwelo m'mawa, aliyense amakhala waona kale. Sindikuona chobisa.

Anaphiri:
Ndabwerako. Ndayenda makomo asanu madzulo ano, ndipo aJere munanena zoona, ana amadziwa. Zimene ndatola ndi izi. Sukulu yathu ndi ya zilankhulo ziwiri, ana amayamba kuwerenga m'Chinyanja. Mayiwa anauza ana kuti azitola zitsekerero za mabotolo, iwo n'kumalemba maphatikizo m'kati mwake, ma, me, mi, ka, ke, ki, ana n'kumalumikiza pansi kupanga mawu. Makolo atatu atchula zimenezi osafunsana. Mayi wina wandionetsa kachitini ka mwana wake, zitsekerero zodzaza, zina zadzimbiri, ndipo akuti tsiku lina anakapeza mwanayo atayala "mayi" pakhonde, nkhuku n'kumwaza.

Chachiwiri, m'tulimesitele yachiwiri, nthawi yozizira ija ya Juni ndi Julaye, aphunzitsiwa ankatsalira Lachiwiri ndi Lachinayi ndi ana 9 amene kuwerenga kunkawavuta. Chachitatu, mnyamata wina atasiya sukulu nthawi yokumba mbatatesi, anayenda wapansi mpaka kumudzi kwawo kukamutenga. Chachinayi, choko chitatha pasukulu anagula ndi ndalama zawo. Tsopano ndili ndi zinthu zinayi, pepala likukulanso!

aMaseko, ku Zobwe:
Za mnyamatayo samalani, Anaphiri, ine zinandionekera. Zaka ziwiri zapitazo ndinathokoza aphunzitsi athu chifukwa chobweza mtsikana wina amene anasiya sukulu. Dzina sindinatchule, ndinangoti "mwana wa kutsidya kwa mtsinje". Koma kutsidyako kunali mabanja atatu okha, ndipo bwalo lonse linacheukira bambo ake. Bambo aja ananyamuka mwambo usanathe, mpaka lero tikakumana pamsika moni wake ndi wa pakhosi. Ine ndinkaona ngati ndikukweza aphunzitsi, osadziwa kuti ndikuvula kholo pagulu.

aJere:
AMaseko anena zimene ndikanati ndinene. Nkhani ya mnyamatayo ndi yokoma kuposa zonse, koma mwini wake si inu. Kawathokozeni aphunzitsiwo pambali popereka kapulana, iwo adziwa. Ana 9 aja mukhoza kuwatchula ngati gulu, koma musati "ana osadziwa kuwerenga". Nenani kuti "ana amene ankafuna nthawi yoonjezera", ndipo maso anu akhale papepala, asapite kumene kwakhala makolo awo.

Za choko zisiyeninso. Mukanena pabwalo kuti mphunzitsi anagula choko ndi ndalama zake, amene akumva ululu ndi adilekitoli, ndipo inu Lolemba mukhala kumunda pamene mayiwa akugwirabe ntchito pansi pa munthu yemweyo. Ngati nkhani ya choko ikukuwawani, malo ake ndi msonkhano wa konselyu ya sukulu.

Ndiye mwatsala ndi ziwiri, zitsekerero ndi masiku otsalira aja. Zitsekerero zikhale mutu, chifukwa munthu akhoza kuziona m'maganizo, ndipo ana pabwalopo aseka akazimva. Masiku otsalira akhale chiganizo chimodzi chothandizira.

Anazunga:
Pa choko sindikugwirizana nanu, aJere. Munthu watulutsa ndalama m'thumba mwake, malipiro ake tikuwadziwa tonse, ndiye tikhale chete poopa nkhope ya adilekitoli? Mwina akamva pagulu chaka chamawa choko sichidzatha.

aJere:
Mwina. Koma amene alipire mawuwo si inu kapena Anaphiri. Ngati mukufunadi kuti zimveke, afunseni eni ake kaye ngati akulola.

aMaseko:
Chinanso chimene chimadya nthawi ndi malonje. Ukayamba kuti adilekitoli, achiwiri awo, apulezidenti a konselyu, anyakwawa, akuluakulu a mipingo, aliyense ndi dzina lake, mphindi imodzi yatha usanafike pa mphunzitsi. Komanso funsani ngati padzakhala womasulira m'Chipwitikizi. Kwathu kukabwera mlendo wochokera ku boma, mawu aliwonse amanenedwa kawiri, ndiye mphindi 2 zanuzo zimasanduka imodzi.

aMbewe:
Koma anyakwawa osawatchula? Kwathu kuno zimenezo ndi mlandu. Bola kudula za zitsekererozo.

Anaphiri:
Ndafunsa, womasulira palibe, aphunzitsi athu Chinyanja ndi chawo. Za malonje, woyendetsa mwambo adzakhala atatchula kale onse mmodzimmodzi, ndipo ine ndine wachitatu kulankhula. Ndaganiza zotchula maudindo okha popanda maina. Nali pepala latsopano:

"Adilekitoli, anyakwawa, akuluakulu nonse, ndapota nanu. Ndaima m'malo mwa makolo a kalasi 2.

Aphunzitsi, chaka chino m'makomo mwathu zitsekerero za mabotolo zinasiya kutayidwa. Ana athu ankazitola, inu n'kulembamo ma, me, mi, ndipo madzulo tinkawapeza pakhonde akuyala mawu, nkhuku zikumwaza, iwo n'kuyalanso. Ena mwa ife dzina lathu tinaliona koyamba litalembedwa ndi mwana wathu pa zitsekerero zimenezo.

M'nyengo yozizira, anzanu ataweruka, inu munkatsala Lachiwiri ndi Lachinayi ndi ana 9 amene ankafuna nthawi yoonjezera. Tinkakuonani.

Ife makolo a kalasi 2 tikuti zikomo. Kanthu kakang'ono aka mulandire ndi manja awiri a ife tonse. Mupume bwino, Mulungu akusungeni."

Ndawerenga katatu. Mofulumira ndi mphindi imodzi, modekha mphindi imodzi ndi theka.

aJere:
Apa ndiye mwalemba. Ikanipo dzina la a kalasi 5 muone ngati zikuwakwana. Ndikonze ziwiri zokha. "Anzanu ataweruka" chotsani, chifukwa anzawowo akhala pa benchi lomwelo ndipo zimveka ngati iwo ankathawa ntchito. Ingonenani kuti "ana ena ataweruka". Chachiwiri, chiganizo cha dzina lolembedwa pa zitsekerero, kodi alipo kholo amene anakuuzani zimenezo, kapena mwangokometsera? Ngati palibe, chichotseni, chifukwa makolo amadziwa zimene zinachitika m'nyumba zawo.

Powerenga werengerani nthawi ya modekhayo. Pa nkhuku paja anthu aseka, muime kaye mpaka atonthole, ndipo theka la mphindi latsalalo lipita pamenepo ndi popereka kapulana. Lembani zilembo zikuluzikulu pa tsamba limodzi, kuti mphepo ya pabwalo isakuvutitseni ndi kutembenuza mapepala.

Anaphiri:
Alipo, ndi agogo ena amene akulera mdzukulu, anandiuza okha misozi ili m'maso. Koma poti ndi mmodzi, "ena mwa ife" ndi bodza pang'ono. Ndilemba kuti "mmodzi mwa ife", ndipo mawa m'mawa ndidzera kwawo ndikawapemphe ngati akulola.

aMaseko:
Akakana musaumirire. Komanso mukati "mmodzi mwa ife" anthu ayamba kuyang'anana, ndiye agogowo muwauziretu zimenezo.

aMbewe:
Ine ndikadali pa anyakwawa. Ngati alipo awiri, "anyakwawa" yekhayo sakwana, wina adzati munatchula mnzake.

Anaphiri:
Alipo atatu, aMbewe. Ndiwafunsa adilekitoli Lachisanu kuti chaka chatha anachita bwanji.